Mphete Yosakandika

Amuna anga ndi amanzere. Ndiyambire pomwepo, chifukwa anthu akamva kuti nkhani yonse ndi ya chala chimodzi cha dzanja la kumanzere amagwedeza mapewa n'kunena kuti si zala zilipo zambiri. Kumanzereko ndiye kumene kunali kudya kwathu. Sipanala, hamala, sowo, zonse ankagwira ndi dzanja limenelo. Ku Tembwe kuno njinga ikathyoka foloko, njinga yamoto ikakana kulira, chigayo cha mpunga chikayamba kutsokomola, anthu ankabwera pansi pa mtengo wa pakhomo pathu. Ine ndinakulira ku Chipata, ndinabwera kuno ndi ukwati, ndipo Chisenga ndimachimva bwino koma ndikakwiya ndimabwerera ku Chinyanja changa. Manje ndikulemba mu Chinyanja, ndiye mudziwiretu.

Tinakhala zaka zambiri ndi ukwati wa kumudzi, ana n'kukula. Kenaka mpingo unayamba kutikumbutsa kuti tikadalitse ukwati kutchalitchi, makamaka popeza ankafuna kuwaika amuna anga pa udindo. Kudalitsa ukwati kumafuna mphete. Apa m'pamene analowerera alamu anga, mng'ono wawo wa amuna anga, mphunzitsi amene amachitanso kabizinesi koitanitsa tinthu ku Lusaka pa basi. Anabwera masana ena ndi kabokosi, n'kuyala mphete zitatu pa kaliyala wa njinga.

Yoyamba inali ya sitenilesi, chitsulo chonga cha masupuni abwino aja osachita dzimbiri. Yachiwiri inali ya titaniyamu, yotuwa, yopepuka moti ukaiika m'manja umakayika ngati ilipo. Yachitatu inali ya tangisiteni, yakuda mowala, yolemera kuposa maonekedwe ake.

Amuna anga, pokhala munthu wa zitsulo, sanafunse zambiri. Anatenga tupa n'kupala iliyonse mkati. Ya sitenilesi inakandika msanga. Ya titaniyamu inalimbako koma mzere unaoneka. Ya tangisiteni tupa ankangotererapo, osasiya kanthu. Anapalanso mwamphamvu, n'kupukuta pa ovolosi, n'kuiyang'ana padzuwa. Mbee, popanda n'kamzere komwe!

"Mwaona, achimwene?" anatero alamu. "Iyi ndiye ya amuna ogwira ntchito. Siikandika, siipindika, siidulika. Mudzafa muisiye ili chomwechi."

Ine ndinafunsa funso limodzi lokha. Ndinati, "Nanga ikadzathina?"

Alamu anaseka. "Mulamu, inu nkhawa basi. Ikathina timaitanitsa ina yokulirapo, iyi siikuzidwa ngati yagolide." Zimenezo ananena zoona. Koma za mmene munthu angaichotsere chala chitatupa, sanadziwe, ndipo sanavutike n'kufunsa kumene anaigulako.

Tsiku la ukwati ndi limene linaononga zinthu. Mkulu wa mpingo amene ankapereka malangizo anali atamva za tupa uja, ndiye anabwera naye m'thumba la jekete. Pamaso pa anthu onse anakweza mphete ija, n'kuipala, n'kuizungulitsa m'mabenchi kuti aliyense aone. Anati ukwati wa Mkhristu uzikhala chomwechi, wosakandika, wosasweka, ndipo tsiku limene mphete iyi idzasweke ndiye kuti banjali latha. Amayi analulutira. Inenso ndinalulutira nawo mumtima, ndinali mkwatibwi, ndinali nditavala zoyera. Kuyambira tsiku limenelo amuna anga sanalinso okonza njinga chabe, anali bambo wa mphete ija. Alendo akabwera kutchalitchi ankawaitana kuti awaonetse dzanja.

Ndinkawauza kuti azivula akamagwira ntchito. Ndinakhomera ngakhale msomali pa mtengo kuti azikolekapo. Tsiku lina akumanga batire ya njinga yamoto, sipanala inagunda mphete uku itakhudza batire, moto unathetheka, pachala panatuluka chithuza chozungulira. Ndinati eya, manje amva. Amva kuti? Anzawo a pansi pa mtengo paja, osowa chochita aja, ankawaseka kuti mwamuna wovula mphete masana ndiye kuti pali kumene akuloza. Ndiye anasiyiratu kuvula. Zaka zikupita thupi linabwera, chala chinanenepa, mphete inakhazikika m'mnofu moti ngakhale ndi sopo inkafuna nkhondo. Msomali wanga uja anayamba kukolekapo machubu.

Ngozi inachitika nthawi yokolola mpunga, pamene zigayo sizipuma. Anawaitana kuti akakonze injini ya chigayo china. Potsitsa gudumu lolemera lija limene limazunguza lamba, linawapulumuka n'kuwapanikiza chala pa chitsulo cha pansi, kutsogolo kwa mphete. Mphete yokha sinapindike n'komwe. Anabwera kunyumba atakulunga dzanja ndi kansanza ka girisi, akuseka kuti aone anthu kulimba kwa mphete, chigayo chalephera.

Nditamasula kansanzako ndinaona kuti chala chayamba kale kufufuma. Ndinathamangira sopo. Tinayesa sopo, tinayesa mafuta ophikira, tinaviika dzanja m'madzi a mumtsuko, tinalikweza m'mwamba. Mphete inafika pa mfundo ya chala n'kukana. Iwo thukuta lili kamukamu, akungoti zisiye, mawa chiphwa.

Sindinawasiye. Ndinawakokera kukiliniki, ine kutsogolo iwo pambuyo ngati mwana wokana sukulu. Kumeneko tinapeza anesi, mayi wa ku Kitwe amene anatumizidwa kuno ndi boma, munthu wosachedwa ndi nkhani. Anayesa kukulunga chala ndi ulusi kuti mphete itsetsereke, koma fupa linali litasweka, amuna anga anakuwa mpaka odwala panja anaimirira. Anesi anasiya. Anaigogoda mphete ija ndi chikhadabo n'kufunsa kuti ndi yachitsulo chanji.

"Tangisiteni," anayankha amuna anga, ndipo ngakhale ndi ululu wonsewo mawu ake anatuluka monyada.

Anesi anapumira m'mwamba. Anati kachodulira mphete kamene ali nako kamadula golide ndi siliva. Ikanakhala ya sitenilesi kapena ya titaniyamu akanalimbana nayo ndi sowo ya zitsulo, pang'onopang'ono, akuthira madzi kuti isatenthe, mpaka ikanaduka. Koma iyi sowo ingangotha mano. "Iyi siidulidwa, bambo, imaswedwa. Ndi yolimba koma siipirira kufinyidwa, imathetheka ngati mbale yadothi. Inu ndinu makanika, muli nayo pulayasi ija yokhoma yokha, ya sikuluwu kumbuyo?"

Vaisigiripu. Inali m'bokosi lawo la zida, ndinkaiona tsiku lililonse.

Anesi anafotokoza bwinobwino, ine ndikumvetsera. Umaikamwitsa pa mphete osafinya, n'kuikhoma. Umamasula, n'kupotoza sikuluwu pang'ono chabe, n'kukhomanso. Ukatero kangapo mphete imasweka yokha, chala osakhudzidwa, bola kuphimba maso chifukwa tizidutswa timauluka. Anati wina athamange akaitenge, aswe pomwepo, chifukwa magazi sakuyenda bwino ndipo chala chikakhala chomangidwa chonchi chifa.

Ine ndinali nditafika kale pakhomo la kiliniki pamene amuna anga anati, "Iwe, ima."

Nkhani inali itafika kale kumudzi, ndipo apongozi anga, amayi awo, anali atakhala pakhonde la kiliniki pamodzi ndi alamu aja. Atamva mawu akuti kuswa, apongozi anamenya m'manja. "Yayi! Yayi, mwana wanga! Mphete yopemphereredwa? Simunamve zimene ananena kutchalitchi?" Alamu nawo anati tisapupulume, anesi ndi mlendo kuno sadziwa kulemera kwa mphete imeneyi, ndipo ngati n'kuswa aswe abusa atakhalapo, apemphere kaye. Abusa anali ku Chikwa kumaliro a wachibale, foni yawo siinkagwira.

Ndinati, "Alamu, chala chidikira abusa?"

Anati, "Mulamu, mukuoneka kuti mwafulumira kwambiri kuti isweke."

Mawu amenewo ndimawamvabe mpaka lero. Ine, amene ndinawaberekera ana m'banja lawo, amene ndinasiya magetsi ku Chipata kudzapirikitsa njovu m'munda wa mpunga, ndinali kufulumira kuti ukwati uthe! Ndinayang'ana amuna anga kuti anenepo kanthu. Anayang'ana pansi. Ankaopa. Sankaopa imfa ya chala, ankaopa Lamulungu, kuimirira kutsogolo kwa mpingo ndi dzanja lopanda kanthu anthu atamva kuti mphete yosasweka ija yasweka. Anauza anesi kuti angowapatsa mankhwala a ululu, aona mawa.

Anesi anawachonderera, kenaka anawakalipira, kenaka anati sangagwire munthu wamkulu ndi mphamvu. Anamanga chala, n'kuwapatsa mapiritsi. Potuluka anandikokera pambali nati, "Mayi, chikayamba kuzizira kapena kuda, musadikire munthu."

Kunyumba apongozi anayamba zawo. Anasinja masamba, anafunditsa madzi, n'kumathowa chala. Madzi ofundawo anangowonjezera kutupa. Mkulu wa mpingo uja anabwera ndi jekete lake lomwe lija, anagwira dzanja, anapemphera kuti chala chiphwe mphete ituluke yamphumphu kuti dzina la Ambuye lilemekezeke. Ine pemphero sindikana, ndine Mkhristu. Koma ndinatsegula maso pakati pa pemphero n'kuona chala chili ngati soseji yomangidwa ndi waya, ndipo ameni wanga sanatuluke.

Ndinapita ku bokosi la zida. Vaisigiripu munalibe. Ndinakhuthula zonse pansi, masipanala, manati, machubu, mulibe. Alamu anali ataichotsa. Anaitenga n'kupita nayo kwawo kuti mlamu wawo wamakani asachite zopusa. Munthu wophunzitsa ana a anthu sayansi!

Kutacha amuna anga anandiuza kuti ululu wachepa, chala chasiya kupweteka, pemphero lagwira ntchito. Ndinachigwira. Chinali chozizira, nsonga yake yotuwa mobiriwira, chikhadabo chakuda. Ndinachitsina ndi mphamvu, iwo osamva kanthu, akungomwetulira.

Sindinasambe n'komwe. Ndinakwera njinga mpaka kusukulu kumene alamu amaphunzitsa, ndinalowa m'nyumba mwawo osaodira. Akazi awo anali akusesa. Ndinati, "Mundipatse chitsulo cha amuna anga, apo ayi ndikalowa m'kalasi ndikawavule amuna anu ulemu pamaso pa ana." Mayi uja analowa kuchipinda n'kutuluka nayo itakulungidwa m'pepala. Ndikuganiza kuti nayenso sanagone nazo bwino.

Ndinawapeza amuna anga atakhala pa mpando pansi pa mtengo, apongozi ali pamphasa pambali. Ndinagwada, osati mwaulemu, koma kuti ndifike bwino pa dzanja. Ndinati, "Bweretsani." Apongozi anayamba kukuwa kuitana anthu. Amuna anga anandiyang'ana, anayang'ana chala chawo, ndipo ndikhulupirira kuti apo m'pamene anachiona koyamba mmene chinalili. Anatambasula dzanja.

Ndinawafunditsa chitenje kumaso, ine n'kuvala magalasi awo oonera moto wowotcherera. Ndinakamwitsa vaisigiripu pa mphete, ndinakhoma. Palibe chinachitika. Ndinamasula, ndinapotoza sikuluwu pang'ono monga ananenera anesi, ndinakhomanso. Apongozi akulira kuti ndikupha banja, anthu ayamba kusonkhana kumpanda. Ndinapotozanso, ndinakhoma. Ndinapotozanso. Kenaka thwa! Mphete ija inagawanika, zidutswa zinagwera m'fumbi, kachidutswa kena kanandimenya pa galasi. Ntchito yonse siinatenge nthawi imene munthu amatenga kupopa tayala la njinga.

Ndinakhala pansi n'kulira, ndi ukali osati chisoni. Kanthu kakang'ono chomwechi! Tikanachita dzulo lake pakhonde la kiliniki, bwenzi titabwerera kunyumba ndi bandeji basi.

Pamene panali mphete panatsala ngalande yakuya, yoyera, khungu litanyuka. Tinadikira kuti magazi abwerere. Kumunsi kunafiira pang'ono, koma kutsogolo kunakhala chomwecho. Titabwerera kukiliniki, anesi atachiona sanatinyoze, anangoimba foni kufuna galimoto yopita ku chipatala cha ku boma ku Chama. Kumeneko madokotala anayesa zimene akanatha, anadikira kuti aone ngati chitsitsimuke, koma chinayamba kununkha. Anachidula cha m'munsi. Dokotala anati fupa losweka lija likanapola, chimene chinapha chala ndi kumangika nthawi yaitali.

Mukuganiza kuti titabwerako wina anabwera kudzapepesa? Apongozi anali atatola zidutswa zonse za mphete m'fumbi, anazimanga pa kansalu, anazisunga m'sutikesi mwawo, ndipo zilipo mpaka lero. Za chala cha mwana wawo sanafunse kuti anachitaya kuti. Kumudzi nkhani inayenda yakuti chala chinali kuchira, ululu unali utatha, koma mkazi wa ku Chipata anaswa mphete yodalitsidwa ndipo chala chinafa tsiku lomwelo. Kuchitsime amayi ankatsitsa mawu ndikafika. Mkulu wa mpingo anandiitana kuti tikambirane za kugonjera. Ndinamuuza kuti abwere ndi tupa wake uja apale chitsa cha chala aone ngati chikandika. Anandiimitsa kaye ku gulu la amayi.

Chimene chinandiwawa koposa n'chakuti amuna anga anakhala chete. Kunyumba ankandiuza kuti ndinachita bwino, koma panja pakamwa pawo panali potseka. Ndipo ntchito inawavuta. Anthu sadziwa kuti mphamvu yofinya ili ku zala za kumapetoko. Sipanala inkawapulumuka, hamala inkauluka, nati yolimba ankaiyang'ana n'kuitana ine. Eni zigayo anayamba kuitana munthu wina wa ku Kambombo. Tinatsala ndi njinga zakapalasa, kumata machubu ndi kuwongola masipoko. Manje nati ikakana, ine ndimagwira sipanala, iwo amandiuza kopotozera.

Ukwati sunathe, ngati pali amene akudikira kumva zimenezo. Timadya m'mbale imodzi mpaka lero. Alamu anabwera ndi mphete ina, ya titaniyamu yopepuka ija, akuti avale kumanja. Amuna anga anailandira n'kuikoleka pa msomali wanga uja. Amaivala Lamulungu lokha, ndipo ndimaiyesa ndekha kuti ikutuluka bwino.

Chaka chathachi mwana wa asuweni awo, mnyamata wowotcherera zitseko ndi mawindo pamsika, anakwatira kutchalitchi kwathu komwe kuja. Titakhala m'mabenchi ndinaona mkulu wa mpingo akupisa m'thumba la jekete. Ndinati mwina akufuna kansalu kopukutira thukuta. Ayi ndithu, anatulutsa tupa. Alamu anali atagulitsanso mphete ya tangisiteni. Anaikweza, anaipala, anaizungulitsa m'mabenchi, mawu omwe aja osasintha ngakhale limodzi. Amayi analulutira. Ine makutu anandiwotcha, ndinatuluka panja ndisanalakwire nyumba ya Mulungu.

Ndinapita kunyumba, ndinatsegula bokosi la zida, ndinaipukuta girisi vaisigiripu ija n'kuimanga pa chitenje chatsopano. Nthawi ya mphatso itakwana, anthu akuvina ndi mapoto ndi mabeseni, ine ndinavina nawo mpaka kutsogolo. Woulutsa mphatso anamasula chitenje n'kukweza chitsulocho, anthu anaseka kuti mayi uyu wasokoneza ukwati ndi galaja. Sindinampatse mkwati. Ndinaika m'manja mwa mkwatibwi, ndinamuuza mokweza kuti onse amve: "Mwana wanga, uyu akamagwira ntchito azivula mphete. Chala chikadzatupa usadzadikire abusa, usadzadikire apongozi. Ukamwitse apa, upotoze pang'onopang'ono mpaka isweke. Ndipo ubise pamene alamu ako sangaipeze."

Kuseka kunatha. Apongozi anga anaphimba nkhope ndi mpango. Mkulu wa mpingo anaimirira n'kuyamba kunena kuti amayi awa tonse tikuwadziwa, tiwakhululukire, pa tsiku lachimwemwe sitilankhula za kuswa.

Asanamalize ndinamva mpando ukusuntha kumbuyo kwanga. Amuna anga anali ataimirira. Anayenda mpaka pa tebulo la akwati, anaika dzanja lawo lamanzere pa nsalu yoyera ija pafupi ndi keke, n'kutambasula zala zinayi. Anamuuza mnyamata uja kuti, "Uwerenge." Mnyamatayo anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali, kenaka anayamba kuipotoza mphete yake pachala kuti aone ngati ikutuluka.